Mapu a NDWI akamasokoneza: kuthetsa mavuto poyerekeza madzi a chilimwe ndi a dzinja ku Chia, Nkhotakota

Dandaulo lake ndi lomwelomwelo chaka ndi chaka. Wophunzira kapena wogwira ntchito za madzi atenga zithunzi ziwiri za setilaiti, china cha Okutobala china cha Febuluwale, awerengera NDWI, nambala yoonetsa pomwe pali madzi pa chithunzi, ndiye mapu atuluka akunena kuti madzi a ku Chia, dziwe lalikulu lolumikizana ndi nyanja ya Malawi, achepa m'dzinja. Aliyense wodutsa pa mlatho wa Chia pa msewu wa M5 nthawi ya mvula akudziwa kuti madambo amakhala atasefukira. Ena mapu awo amaonetsa madzi pa madenga a pa boma la Nkhotakota, ena amapeza theka la nyanja ya Malawi lasanduka mtunda.

Gwero la mavuto ambiriwa ndi limodzi. NDWI siona madzi onse, imaona madzi oyera omwe ali poyera basi. Chilichonse chomwe chaphimba madzi, chawadetsa, kapena chikufanana nawo pooneka kuchokera kumwamba, chimalowa m'mapu anu ngati kusintha pomwe pansi sipanasinthe kanthu.

## Poyambira: zomwe nambalayi imayeza

Njirayi anaifalitsa McFeeters mu 1996:

```
NDWI = (Green - NIR) / (Green + NIR)
```

Madzi oyera amabweza pang'ono kuwala kobiriwira, koma amameza pafupifupi kuwala konse kwa NIR, komwe maso athu sakuona. N'chifukwa chake yankho lake limakhala pamwamba pa 0. Masamba a zomera amabweza NIR kwambiri, choncho yankho limatsikira pansi pa 0. Dothi louma nalo limakhala pansi pa 0, koma osati patali ngati zomera. Pa setilaiti ya Sentinel-2 mabandi ake, kutanthauza zigawo za kuwala zomwe imajambula padera, ndi B03 ndi B08, ndipo pikiselo imodzi ndi mamita 10 mbali zonse. Pa setilaiti za Landsat 8 ndi 9 ndi bandi 3 ndi bandi 5, pikiselo ya mamita 30.

Musanayambe kusaka vuto lililonse, sankhani malo atatu omwe sasintha ndi nyengo: pakati pa nyanja ya Malawi kutali ndi gombe, pakati pa Chia, ndi bwalo louma la pamalo okwera. Dinani malo atatuwa ndi Identify Features mu pulogalamu ya mapu ya QGIS pa mapu onse awiri, mulembe manambala ake. Ngati pakati pa nyanja pakuonetsa 0.45 pa chithunzi china ndi 0.10 pa chinzake, vuto lili m'mafayilo, osati m'madzi, ndipo palibe chifukwa chopitirira musanalikonze.

## Chizindikiro 1: Manambala onse ndi achilendo, kapena chaka china chasiyana ndi chinzake

Mapu angakhale otuwa paliponse, manambala ataunjikana pafupi ndi 0, kapena nyanja yonse yasowa mutaika mlingo wodulira, nambala yolekanitsa madzi ndi mtunda.

Choyamba, nambala yowonjezera sinachotsedwe. Ili ndi vuto lofala kwambiri. Kuyambira pa 25 Januwale 2022, zithunzi za Sentinel-2 zimabwera ndi 1000 yowonjezeredwa pa pikiselo iliyonse. Tiyerekeze kuti pikiselo ya madzi ikuonetsa 1500 pa B03 ndi 1200 pa B08. Manambala enieni ndi 500 ndi 200, ndipo NDWI yake ndi 300 kugawa ndi 700, yomwe ndi 0.43. Mukapanda kuchotsa 1000 uja mupeza 300 kugawa ndi 2700, yomwe ndi 0.11. Madzi ndi omwewo, koma munthu yemwe waika mlingo wa 0.2 awataya onse. Chimapweteka kwambiri mukamayerekeza chithunzi chakale chopanda nambalayi ndi chatsopano chokhala nayo, chifukwa mapu amaoneka ngati nyanja yaphwa.

- Yang'anani dzina la fayilo. Ngati muli N0400 kapena nambala yoposa pamenepo, 1000 uja alimo. Musadalire tsiku lojambulira lokha, poti zithunzi zakale zomwe zinakonzedwanso nazo zili ndi nambalayi.
- Kuti mutsimikize, tsegulani `MTD_MSIL2A.xml` musake `BOA_ADD_OFFSET`.
- Mu Raster Calculator lembani motere:

```
("B03@1" - "B08@1") / ("B03@1" + "B08@1" - 2000)
```

Pa Google Earth Engine, `COPERNICUS/S2_SR_HARMONIZED` inachotsa kale nambalayi, ndiye musachotsenso kachiwiri. Landsat Collection 2 Level-2 ili ndi kakonzedwe kake: chulukitsani nambala ndi 0.0000275 kenaka muchotse 0.2, bandi iliyonse payokha, musanawerengere NDWI.

Chachiwiri, mwasakaniza mitundu ya zithunzi. Fayilo ya MSIL1C ikadali ndi zotsatira za mpweya ndi utsi wa m'mlengalenga, pomwe ya MSIL2A anaikonza. Zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma osati pa kuyerekeza kumodzi. Tengani mtundu umodzi pa nyengo zonse.

Chachitatu, bandi yolakwika. Pa Landsat 5 ndi 7 kobiriwira ndi bandi 2 ndipo NIR ndi bandi 4, kusiyana ndi Landsat 8. Palinso NDWI ina ya Gao, ya mu 1996 momwemo, yomwe imagwiritsa NIR ndi SWIR, kuwala kwinanso kosaoneka ndi maso, poyeza chinyezi cha m'masamba. Ngati minda ya nzimbe ya ku Dwangwa ikuwala ngati madzi pa mapu anu, mwina mwatenga imeneyo, kapena mwatembenuza mabandi.

Chachinayi, kwa olemba Python okha. Mabandi amabwera ngati `uint16`, mtundu womwe sulola nambala yochepera 0. Pochotsa yaikulu pa yaing'ono, yankho limalumphira ku manambala a masauzande. Yambani ndi `.astype("float32")`.

## Chizindikiro 2: Mapu akuti madzi achepa m'dzinja

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa mphwayi, ndipo m'pofunika kudekha, chifukwa zoyambitsa zake zimakonda kubwera pamodzi.

Choyamba, mitambo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi n'kovuta kupeza chithunzi choyera cha Nkhotakota. Mtambo wokhuthala umatsitsira NDWI kufupi ndi 0, ndipo pomwe wakhala pamwamba pa madzi, mapu amalemba mtunda. Nambala ya mitambo yomwe imalembedwa pa fayilo ndi ya chithunzi chonse, chomwe ndi chachikulu kuposa makilomita 100 mbali iliyonse. Ikhoza kunena 10 peresenti, koma mitambo yonseyo ili pamwamba pa Chia penipeni.

- Tsegulani chithunzi cha mitundu yeniyeni, TCI, muone ndi maso.
- Gwiritsani bandi ya SCL, yomwe imaika pikiselo iliyonse m'gulu lake: 3 ndi mthunzi wa mtambo, 8 ndi 9 ndi mitambo, 10 ndi mitambo yopyapyala ya m'mwamba.
- Malo omwe mwachotsa pa chithunzi cha dzinja muwachotsenso pa cha chilimwe. Pikiselo yomwe sinaoneke si mtunda. Ipatseni gulu lakelake la "sizinaoneke", ndipo mulembe kukula kwake mu lipoti.

Chachiwiri, madzi amatope. Mvula ikagwa kumapiri a Ntchisi, mitsinje ngati Lifuliza imatsika ndi madzi ofiira. Dothi loyandama m'madzi limabweza NIR, ndiye kusiyana kwa mabandi awiri aja kumatha. Madzi okhala ndi 0.12 pa kobiriwira ndi 0.11 pa NIR amapereka 0.04, akadali madzi koma pang'onong'ono. Matope akachuluka n'kufika 0.13 ndi 0.15, yankho ndi -0.07, ndipo mapu amati ndi mtunda. Mudzazindikira vutoli ndi maonekedwe ake: malo osowawo amayambira pa mathiriro a mtsinje n'kumatambasuka kulowa m'kati, ndipo pa TCI amaoneka a mtundu wa katondo. Chimodzimodzi pomwe Bua amathira m'nyanja.

Mankhwala ake ndi kufunsa bandi ina. Xu mu 2006 anaika SWIR m'malo mwa NIR, ndipo njirayo imatchedwa MNDWI. Madzi, ngakhale amatope, amameza SWIR. Pikiselo yathu ija, ngati B11 yake, bandi ya SWIR pa Sentinel-2, ndi 0.03, ipereka 0.10 kugawa ndi 0.16, pafupifupi 0.63, madzi osakayikitsa. Mtengo wake ndi woti B11 ndi ya mamita 20, choncho timitsinje ting'onoting'ono timazimirira. Ine ndimakonda kusunga NDWI ngati mapu enieni n'kugwiritsa MNDWI potsimikiza malo amatope okha, koma njira yomwe mwasankha ikhale yomweyo pa nyengo zonse ziwiri.

Chachitatu, madzi ali pansi pa zomera. Ili ndi vuto lomwe NDWI singalithetse, ndipo ndi bwino kumvetsa chifukwa chake. Tengani madzi oyera a 0.05 pa kobiriwira ndi 0.02 pa NIR, ndi bango la 0.07 ndi 0.35. Pikiselo yomwe theka ndi madzi theka bango imakhala ndi 0.06 ndi 0.185, ndipo NDWI yake ndi -0.51, ngati kuti mulibe madzi ngakhale dontho. Ndi manambala amenewa, zomera zikangophimba gawo limodzi mwa magawo khumi a pikiselo, yankho lafika kale pa 0. Tsono taganizani za dambo la Febuluwale. Mpunga wamera n'kutseka, pansi madzi ofika m'mawondo, mlimi akupalira miyendo yonse ili m'madzi, koma kuchokera kumwamba pakuoneka msipu wobiriwira. Gumbwa, njedza, kakombo ndi namasupuni za m'mphepete mwa Chia zimachita chimodzimodzi, ndipo namasupuni amayenda ndi mphepo, lero kuno mawa uko.

- Werengerani NDVI, nambala yoonetsa kuchuluka kwa zomera, pa malo okayikitsawo. Ikakhala yokwera pamalo otsika oyandikana ndi madzi, kayikirani madzi obisika.
- Ku minda ya mpunga, sakani chithunzi cha nthawi yowokera, mbande zisanatseke.
- Musatsitse mlingo kufika -0.3 pofuna kugwira madamboa. Mudzagwira nawo misewu, minda yolimidwa ndi midzi.
- Lembani pa mapu kuti "madzi apoyera", osati "malo onse osefukira".

Chachinayi, mwasankha miyezi molakwika. Nyengo ya mvula ndi nyengo yodzaza nyanja si imodzi. Madambo ndi zithaphwi zimadzaza mvula ikangolimba, koma nyanja ya Malawi imakwera pang'onopang'ono, n'kufika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, ndipo imatsikitsitsa cha m'ma Novembala ndi Disembala. Pa chaka imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi. Chia n'ngolumikizana ndi nyanja kudzera mu ngalande ya pa mlatho ija, choncho amatsata kwambiri msinkhu wa nyanjayo. Mukatenga Julayi ngati chilimwe ndi Januwale ngati dzinja, gombe lidzaonetsa madzi ambiri mu Julayi, ndipo apa mapu sakulakwa. Ngati funso lanu ndi la gombe ndi Chia, yerekezani Novembala ndi Epulo kapena Meyi. Miyezi imeneyi ili ndi ubwino wina woti mitambo imakhala itachepa. Ngati funso ndi la madambo, mukufunika Febuluwale kapena Malichi, ndi mavuto ake onse a mitambo.

## Chizindikiro 3: Madzi akuoneka pamtunda pouma

Mthunzi wa mitambo ndiwo umatsogola. Malo amthunzi ndi akuda pa mabandi onse, koma NIR ndiyo imatsika kwambiri, ndiye NDWI imakwera. Sentinel-2 amadutsa kum'mawa, cha m'ma 10 koloko, dzuwa likadali chakum'mawa, kotero mthunzi umagwera chakumadzulo kwa mtambo wake ndipo umatenga maonekedwe ake. Mukaona "dziwe" lachilendo, yang'anani kum'mawa kwake ngati pali mtambo wofanana nalo. SCL imaphonya mithunzi ina, makamaka m'mphepete mwake, choncho kulitsani malo ochotsawo ndi mapikiselo angapo.

Madenga a malata ndi tala. NDWI imadziwika ndi kufooka kumeneku. Pa boma la Nkhotakota ndi pa Dwangwa mudzaona timadontho tobalalika ta pikiselo imodzi kapena ziwiri. MNDWI imachotsa ambiri mwa iwo. Otsalawo achotseni ndi Sieve mu QGIS, koma muike nambala yaing'ono, chifukwa chida chomwecho chimafufutanso maiwe a nsomba.

Lupsa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tchire lotenthedwa limada ndipo NIR yake imagwa. Utsi wa m'mlengalenga umakwezanso bandi yobiriwira kuposa ya NIR, ndiye malo opsawo amayandikira 0 kapena kudutsa pang'ono. Vutoli ndi loipa chifukwa limakuza madzi a chilimwe, n'kubisa kusintha kwenikweni. Pa lupsa B11 imakhala yokwera kuposa bandi yobiriwira, pomwe pa madzi imakhala yotsika. Komanso lupsa limakwera zitunda, chinthu chomwe madzi sachita.

Mthunzi wa mapiri umavuta kumadzulo kokha, ku zigwa za nkhalango ya Nkhotakota ndi kumalire a Ntchisi, makamaka mu Juni ndi Julayi dzuwa likapendekera kumpoto. Werengerani Slope kuchokera ku mapu a misinkhu ya nthaka muchotse malo otsetsereka kwambiri.

## Chizindikiro 4: Pakati pa nyanja pali mabowo kapena mizere

Izi sizichitika kawirikawiri, ndipo sizivuta kuzindikira.

- Kunyezimira kwa dzuwa. Nkhotakota ili pafupi madigiri 13 kummwera, ndipo dzuwa limadutsa paliwombo cha kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale. Pamenepo madzi amatha kubweza kuwala molunjika ku setilaiti, NIR n'kukwera. Zimaoneka ngati mizere ikuluikulu yowongoka. Sankhani tsiku lina.
- Mafunde a mwera. M'miyezi yozizira thovu ndi mchenga wovunduka zimasokoneza mzere wa gombe. Tsiku labata limapereka gombe looneka bwino.
- Madzi akuda kwambiri. Pa MSIL2A, madzi akuya nthawi zina amapereka manambala oyandikira 0 pa mabandi onse, ndipo kugawa timanambala totere kumabala mayankho olumphalumpha, ena opitirira 1. Jambulani malo a nyanja yakuya ndi dzanja muwatenge ngati madzi okhazikika.
- Mizere yopanda kanthu pa Landsat 7. Zithunzi za pambuyo pa 31 Meyi 2003 zili ndi mipata chifukwa cha chipangizo chomwe chinawonongeka. Mipatayo si mtunda.

## Chizindikiro 5: Mzere woonda wa "kusintha" wazungulira gombe lonse

Yang'anani kaye mbali yomwe mzerewo uli. Ngati madzi "awonjezeka" kum'mawa kwa Chia n'"kuchepa" kumadzulo kwake mofanana, zithunzi zanu sizinagonerane bwino. Onani ngati mlatho wa Chia ndi mphambano za misewu zili pamalo amodzi pa zithunzi zonse ziwiri. Ngati mzerewo ndi wa mtundu umodzi kuzungulira konse, ndi mapikiselo osakanizika a m'mphepete, kapena mwayerekeza Landsat ya mamita 30 ndi Sentinel-2 ya mamita 10.

Musaupeputse mzerewu. Gombe lotalika makilomita 20, likasuntha ndi pikiselo imodzi yokha ya mamita 10, limabala mahekitala 20 a kusintha komwe kulibe. Choncho kusintha kochepera mapikiselo awiri m'lifupi musakuwerengere ngati kwenikweni. Pa gombe lotsetsereka, madzi okwera mita imodzi mwina sangasunthe ngakhale pikiselo imodzi, pomwe pa dambo lathyathyathya amatha kulowa mamita mazana.

## Chizindikiro 6: Mahekitala sakumveka

Kawirikawiri mapu ali m'madigiri, EPSG:4326, m'malo mwa mamita. Nkhotakota ndi Salima zili mu UTM 36S, yomwe ndi EPSG:32736. Pamenepo pikiselo ya Sentinel-2 ndi mahekitala 0.01, kutanthauza kuti mapikiselo 100 ndi hekitala imodzi, ndipo ya Landsat ndi mahekitala 0.09. Chachiwiri chofala ndi kusiya nyanja ya Malawi m'kati mwa malo owerengera. Nyanjayo ndi yaikulu moti kusintha kwa Chia kumamira m'menemo. Dulani malo anu ndi mpanda umodzi womwewo pa nyengo zonse.

Chachitatu ndi mlingo wodulira. 0 ndi poyambira chabe. Tsegulani Histogram ya mapu a NDWI: mudzaona zitunda ziwiri, cha mtunda ndi cha madzi, ndipo mlingo wabwino uli pa chigwa cha pakati pake. M'dzinja chitunda cha madzi chimasendera kumanzere chifukwa cha matope, ndiye mlingo womwe unagwira mu Okutobala ukhoza kudula madzi enieni. Kusankha mlingo wosiyana pa chithunzi chilichonse n'kololedwa, bola muulembe. Yesaninso kuukweza ndi kuutsitsa ndi 0.05 muone mahekitala omwe akusintha. Ngati kusuntha kwa mlingo kukubala mahekitala ochuluka kuposa kusintha kwa nyengo komwe mwapeza, simungadalire yankho lanulo.

## Chitsanzo chathunthu: Okutobala ndi Febuluwale ku Chia

Manambala otsatirawa ndi oyerekeza, ongoonetsera kayendetsedwe kake. Phatikizani mapu awiri motere:

```
("ndwi_okt@1" > 0) + 2 * ("ndwi_feb@1" > 0)
```

Yankho lili ndi magulu anayi: 0 ndi mtunda nyengo zonse, 1 ndi madzi a Okutobala okha, 2 ndi madzi a Febuluwale okha, 3 ndi madzi a nthawi zonse. Raster layer unique values report ikupatsani kukula kwa gulu lililonse. Tinene kuti gulu 3 lapereka mahekitala 1,450, gulu 2 lapereka 180, ndipo gulu 1 lapereka 210. Powerenga mwachangu, Okutobala ali ndi 1,660 ndipo Febuluwale 1,630, ndiye madzi achepa ndi mahekitala 30 m'dzinja.

Gulu 1 ndilo lofunika kulifufuza, chifukwa malo okhala ndi madzi m'chilimwe n'kuuma m'dzinja ayenera kukhala ochepa kwambiri. Mukaliika pamwamba pa TCI ya Febuluwale, mupeza kuti mahekitala 90 ali pansi pa mtambo umodzi. Amenewo achoke pa mapu onse awiri. Mahekitala 70 atambasuka kuchokera pa mathiriro a mtsinje, ofiira, ndipo MNDWI yawo ndi yokwera: ndi madzi amatope, abwerere ku gulu 3. Mahekitala 30 ali ndi NDVI yokwera, m'kati mwa dziwe momwe mu Okutobala munali madzi apoyera: ndi zomera zoyandama, ndipo pansi pake pali madzi. Otsala 20 ndi mzere wa pikiselo imodzi wa m'mphepete, womwe sitingauweruze.

Gulu 2 nalo lifunsidwe chimodzimodzi. Mwa mahekitala 180 aja, 25 ali chakumadzulo kwa mtambo uja ndipo atenga maonekedwe ake, ndi mthunzi. Atsala 155, ndipo ali m'madambo otsika momwe madzi amayeneradi kukhala. Tsono lipoti loona linena kuti madzi apoyera awonjezeka ndi mahekitala pafupifupi 155, kuti mahekitala 115 sanaoneke chifukwa cha mtambo ndi mthunzi wake, kuti mahekitala 20 a m'mphepete ndi okayikitsa, ndiponso kuti madzi a pansi pa mpunga ndi bango sanawerengedwe. Kuchoka pa "achepa ndi 30" kufika pa "awonjezeka ndi 155" sitinasinthe chithunzi chilichonse, tangofunsa gulu lililonse chifukwa chake.

Pamatsala kupita pamalopo. Tengani malo angapo a gulu lililonse pa GPS ya foni, pasanathe masiku ambiri kuchokera tsiku lojambulira, poti madzi a m'dambo sadikira. Yambani mwaonekera kwa amfumu, ndipo funsani asodzi ndi alimi a mpunga mwaulemu: "Bambo, madzi anafika pati mwezi wathawu?" Nthawi zambiri adzakulozerani chizindikiro cha matope pa tsinde la mtengo kapena zinyalala zokodwa pa bango, umboni womwe setilaiti ilibe. Ku Chia kuli ng'ona ndi mvuu. Musalowe m'bango wapansi, ndipo pa bwato mukwere ndi munthu wodziwa madziwo.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Funso ndi la madzi a pansi pa zomera, kapena mitambo yatseka nyengo yonse. Apa pakufunika zithunzi za rada ngati za Sentinel-1, zomwe zimapyola mitambo. Nazo zili ndi misampha yake, monga mafunde omwe amabisa madzi ndi mchenga wosalala womwe umaoneka ngati madzi, ndiye mupeze wozidziwa.
- Mapu akagwiritsidwa pa nkhani ya malire a munda, chipukutamisozi kapena mlandu. Pikiselo ya mamita 10 singaweruze malire. Pitani kwa woyeza malo wovomerezeka kapena ku Dipatimenti Yoyeza Malo.
- Wina akufuna kudziwa poti amange, kapena poti anthu asamukire. Zithunzi ziwiri sizionetsa pomwe madzi angafike. Madzi osefukira ngati omwe anavuta ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 amakwera n'kutsika pansi pa mitambo, setilaiti isanaone. Nkhani zotere zipite kwa akatswiri a za madzi ndi ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya pa boma.
- Mukufuna kunena kuti Chia akuphwa kapena akukula pa zaka zambiri. Chaka chimodzi sichikwanira. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kudutsa mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere n'kulowa m'malo ambiri a m'gombe, ndipo kuyerekeza chaka chotere ndi chaka cha mvula yochepa kumangoonetsa kusiyana kwa zaka ziwirizo. Pamafunika zithunzi za mwezi womwewo kwa zaka zambiri, pamodzi ndi manambala a msinkhu wa nyanja omwe bungwe la boma loyang'anira madzi limasunga.
- Mukufunsidwa kuya kapena kuchuluka kwa madzi. NDWI imapereka kukula kwa malo okha. Kuya kumafuna kuyeza pamadzi pomwepo.
- Malo atatu osasintha aja akusiyanabe mutakonza zonse za m'chizindikiro choyamba. Tumizani kwa katswiri mayina athunthu a mafayilo, masamu omwe munalemba mu Raster Calculator, mlingo womwe munasankha, ndi manambala a B03 ndi B08 a malo atatuwo pa zithunzi zonse ziwiri.